Mawu 12 a waleti: papepala, pachitsulo kapena m'mutu? Kuyerekeza njira zowasungira zaka zambiri

Foni ikabedwa ku Kapata, ndalama za pa Airtel Money kapena MTN sizipita nayo. Mumatenga reji, n'kupita ku ofesi yawo, akupatsani simu ina ya nambala yomweyo, ndipo ndalama zanu mumazipeza zili chikhalire. Ambiri amene ayamba kusunga kiripito, ndalama za pa intaneti monga USDT kapena Bitcoin, muno mu Chipata amaganiza kuti waleti ya kiripito imayendanso choncho. Ngati ndalama zili pa akaunti ya kampani yosinthitsa, monga Binance, n'zoona ndithu kuti pali anthu oti muwadandaulire mukaiwala pasiwedi. Koma mukazichotsa kumeneko n'kuziika mu waleti yanuyanu, monga Trust Wallet, MetaMask kapena kachipangizo ka Ledger ndi Trezor, ofesi yodandaulirako palibe. Chimene chilipo ndi mawu achingerezi 12 kapena 24 amene waletiyo inakuonetsani tsiku loyamba, pansi pa mutu wakuti `Secret Phrase` kapena `Secret Recovery Phrase`.

Mawu amenewa si pasiwedi yotsekera apu. Ndalama za kiripito sizikhala m'foni, zimalembedwa pa kaundula wa pa intaneti wotchedwa bulokocheni, ndipo foni imangosunga makiyi osainira kuti ndalama zichoke. Makiyi onsewo, a Bitcoin, a Ethereum, a Tron ndi ena, amawerengedwa kuchokera ku nambala imodzi yaikulu kwambiri imene waleti inasankha mwachisawawa. Mawu 12 aja ndi nambala yomweyo italembedwa m'njira yoti munthu akhoza kukopera ndi dzanja. Aliyense amene angawalembe mu waleti ina, kaya ali ku Lundazi kaya ali ku Dubai, makiyi omwewo amatuluka, ndipo akhoza kusamutsa ndalama zonse popanda kukhudza foni yanu. Zili ngati ndalama zomangidwa pa nsonga ya chitenje: amene watola ndiye mwini wake.

Dongosolo limene mawaleti ambiri amatsata limatchedwa `BIP39`, ndipo linalembedwa mu 2013. Lili ndi mndandanda wa mawu 2048, kuyambira `abandon` mpaka `zoo`. Pali zinthu ziwiri za mndandandawu zimene zitithandize kutsogoloku. Choyamba, zilembo zinayi zoyambirira za liwu lililonse sizifanana ndi za liwu lina. Onani `act`, `action`, `actor`, `actress` ndi `actual`: mukalemba `act`, `acti`, `acto`, `actr`, `actu`, palibe chosokonekera. Chachiwiri, liwu lomaliza limanyamula kachidindo kotsimikizira mawu enawo. N'chifukwa chake simungangosankha mawu 12 okusangalatsani, ndipo mukalakwitsa liwu limodzi, nthawi zambiri waleti imakana. Ndikuti nthawi zambiri, osati nthawi zonse: pa mawu 12, kulakwitsa kumodzi mwa 16 kumadutsa osagwidwa, ndipo pa mawu 24 ndi kumodzi mwa 256.

Adani a mawuwa ndi awiri ndipo amakokera kosiyana. Wina ndi kutayika: moto, madzi, chiswe, kuiwala, imfa. Wina ndi maso a munthu wina. Mukachulukitsa makope kuti asatayike, mwachulukitsanso malo amene wakuba angawapeze. Mukawabisa kwambiri, mwadzibisira nokha ndi ana anu. Njira iliyonse m'munsimu ndiiyeza pa sikelo ziwiri zimenezi.

Chithunzi cha m'foni, WhatsApp ndi imelo

Iyi ndiyo njira imene ambiri amachita, ndipo ndiyo yoyenera kuisiyiratu. Chithunzi sichikhala m'foni mokha. Mafoni ambiri amakweza zithunzi ku Google Photos okha, ndiye mawu anu amakhala akutetezedwa ndi pasiwedi ya imelo, yomwe mwina ndi dzina la mwana wanu ndi chaka chake chobadwa. Foni ikasweka galasi mumaisiya kwa wokonza kwa tsiku lonse, mutamupatsanso pini kuti ayese ngati yachira. Ndipo akuba a pa intaneti sachita kufufuza ndi maso. Mu 2025 kampani ya Kaspersky inaulula za pulogalamu yoipa yotchedwa SparkCat, imene inabisala m'maapu ena a pa Google Play ndi App Store. Ntchito yake inali kuwerenga malemba a pa zithunzi za m'foni, kufunafuna mawu a mawaleti basi.

Ngakhale maapu osungira mapasiwedi si malo a mawu amenewa. Mu 2022 akuba analowerera kampani ya LastPass n'kukopera nkhokwe zokhoma za makasitomala, ndipo m'zaka zotsatira ofufuza anagwirizanitsa kubedwa kwa kiripito ya anthu ambiri ndi mawu amene anawasunga mmenemo. Pasiwedi ya imelo ikadziwika mumaisintha. Mawu a waleti sasinthika.

Ngati munajambulapo kale, kufufuta chithunzicho sikukwanira, poti simudziwa kumene chinafika. Tsegulani waleti yatsopano ya mawu atsopano, muwasunge bwino, ndipo musamutsire ndalama kumeneko. Kumbukirani kuti kusamutsa USDT ya pa netiweki ya Tron kumafuna ndalama ya netiwekiyo, TRX, yolipirira, ndipo ya pa Ethereum kumafuna ETH.

Pamtima

Kuloweza mawu 12 n'kotheka, ana a sukulu amaloweza zambiri kuposa apa. Ubwino wake ndi woti palibe chimene wakuba angachipeze m'nyumba, ndipo mukhoza kudutsa nawo pa Mwami popanda kapepala m'thumba. Koma mawu amene simuwatchula kawirikawiri amayamba kusinthana malo pakapita miyezi, ndipo ndondomeko yake ndi yofunika ngati mawuwo. Malungo aakulu, ngozi ya pa Great East Road kapena sitiroko zikhoza kufufuta zonse tsiku limodzi. Mukamwalira amapita nanu kumanda. Kuloweza n'kowonjezera chabe pamwamba pa njira ina, sikuima pakokha.

Pepala

Pepala ndi labwino kuposa mmene anthu ogulitsa zitsulo amanenera. Silifuna ndalama, silifuna magetsi, palibe angaliwerenge ali kutali, ndipo makalata a minda ndi masatifiketi a makolo athu akhala zaka makumi ambiri m'masutikesi. Vuto ndi lakuti dera lathu lino silichitira chifundo pepala. Kuyambira Novembala mpaka Epulo chinyezi chimalowa paliponse, denga likadontha inki imasungunuka. Chiswe chimatha kulowa m'katoni ya mabuku n'kudya mkati mwake kunja kukuoneka bwinobwino. Makoswe amanyenya mapepala pomanga zisa. Ndiye pali moto: wa kandulo magetsi akazima, wa mbaula, kapena lupsa la anyamata osaka mbewa likafika pa nyumba yofolera udzu. Pepala limayaka pa madigiri ongopitirira 200, pamene moto wa nyumba umapitirira 600 mosavuta.

Zambiri mwa izi zili ndi mankhwala ake. Lembani ndi pensulo yakuda bwino kapena bolopeni wamba, osati maka kapena peni ya inki yamadzimadzi. Pensulo siifufutika ndi dzuwa ndipo siyenderera ikanyowa. Pepala likhale lolimba, ngati khadi, ndipo musayerekeze kulemba kuseri kwa lisiti la m'shopu kapena la pa buthu, mapepala oterera aja amada akatenthedwa. Polemba musatsamiritse pa kope, chifukwa tsamba lapansi limatsala ndi mikwingwirima yowerengeka. Liwu lililonse likhale ndi nambala yake, 1 mpaka 12, ndipo lilembedwe m'zilembo zazikulu. Pa mndandanda uja pali mawu oyandikana monga `wood` ndi `wool`, `coin` ndi `coil`, `cook` ndi `cool`, ndipo dzanja lothamanga limawasandutsa amodzi.

Kenako lipindeni, liikeni m'kapulasitiki kotseka, ndipo kapulasitikiko kalowe m'botolo lagalasi la chivindikiro chachitsulo, ngati la mayonezi, lotsuka ndi kuumitsa bwino. Mukaponyamo kathumba koyamwa chinyezi kamene kamabwera m'mabokosi a nsapato, ndiye bwino koposa. Chiswe, makoswe ndi madzi mwathana nazo. Chatsala ndi moto, ndipo pepala limapulumuka moto m'njira imodzi yokha: kukhala ndi kope lachiwiri pa nyumba ina.

Musapite nalo ku siteshonale kuti akalimate pulasitiki kapena akalipange fotokope. Wogwira makinayo aliona, ndipo sekondi ziwiri zikukwana kulijambula.

Chitsulo

Apa ndikhalapo pang'ono, chifukwa kwa munthu amene akufuna kusunga zaka 10 kapena 20 iyi ndiyo njira imene ine ndimaikhulupirira, ndiponso ndi pamene anthu amalakwitsa posankha chitsulo.

Aluminiyamu, ya mapoto ija, ndi yofewa ndipo imadindika mosavuta, koma imasungunuka pa madigiri 660, omwe moto wa nyumba umafika. Lata ndi chitsulo wamba zimapirira moto koma zimachita dzimbiri, ndipo pakapita nyengo zingapo za mvula zilembo zosazama zimadyeka. Chofunika ndi chitsulo chosachita dzimbiri, sitenilesi, makamaka ya mtundu wa 304 kapena 316, imene imasungunuka cha pa madigiri 1,400. Poyesa ku hadiweya tengani maginito: sitenilesi ya mitundu imeneyi siigwira maginito, kapena imagwira mofooka kwambiri, pamene chitsulo wamba chongopakidwa zonyezimira chimakakamira.

Pali zogula kunja zopangidwira ntchito imeneyi. Zina zimakhala ndi timatailosi ta zilembo timene mumalowetsa m'mizere. Jameson Lopp, katswiri wa chitetezo cha Bitcoin, wakhala akuyesa zipangizo zoterezi kuyambira 2018 pozitentha, kuziviika mu asidi ndi kuzipsinja, ndipo zingapo za timatailosi zinapindika n'kumwaza zilembo zake. Zimene zinkapirira kwambiri ndi zosavuta: chitsulo chimodzi chodindidwa kapena kuboola madontho. Izi ndi nkhani yabwino kwa ife, chifukwa zoterezi mukhoza kupanga nokha osadikira katundu wochokera kunja, komanso osasiya dzina ndi keyala yanu kwa kampani yogulitsa. Mu 2020 mndandanda wa makasitomala a Ledger unabedwa, ndipo anthu ambiri anayamba kulandira mauthenga achinyengo ndi oopseza.

Tiyerekeze bambo wina wogula soya ndi nshawa ku Katete. Akagulitsa katundu, gawo la phindu amalisandutsa USDT n'kulisunga mu waleti ya mawu 12, kuti lidikire nyengo ina yogula. Akufuna kope losaopa moto. Agula mawashala a sitenilesi 16 otakata, oti mpata wa pakati pa bowo ndi m'mphepete ukwane zilembo, bawuti imodzi ya sitenilesi yolowa m'mabowowo, ndi nati yake. Agulanso zidindo zachitsulo za zilembo ndi manambala, za mamilimita 3 kapena 4, zimene amakanika amadindira manambala pa zitsulo. Hamala ali nayo kale. Pansi pamafunika chitsulo cholemera, monga chidutswa cha njanji kapena mutu wa hamala yaikulu, chifukwa pa thabwa washala amangodumpha ndipo chilembo sichilowa.

Mawashala awiri ndi ophunzirirapo. Sitenilesi ndi yolimba, imafuna kumenya kamodzi kwamphamvu. Mukamenya kawiri chidindo chitasuntha, chilembo chimatuluka chamthunzi ndipo `C` amafanana ndi `G`. Akazolowera, atseka chitseko, foni aisiya chipinda china, n'kuyamba. Washala woyamba alandira nambala 1 ndi zilembo zinayi zoyambirira za liwu loyamba. Ngati liwulo ndi `actress`, adinda `1 ACTR`. Liwu la zilembo zitatu, monga `act`, alilemba lonse. Nambala ija isaiwalike, chifukwa tsiku lina nati idzamasuka, mawashala adzamwazika pansi, ndipo popanda manambala ndondomeko idzakhala yatayika. Manambala 6 ndi 9 awaike kadontho kapena kamzere pansi kuti asatembenuzike. Akalakwitsa, washalayo amuphwanye ndi hamala mpaka zilembo zisaoneke, atenge wina. Washala womaliza, wa nambala 13, adindapo dzina la waleti ndi chaka. Onse alowa pa bawuti motsatana, nati imangidwa, ndipo chatuluka ndi kachitsulo kotalika ngati chala kamene munthu wosadziwa angakayese sipeya ya ngolo.

Ntchito imeneyi siipatsidwa kwa wowotcherera kapena wolemba zikwangwani, ngakhale akhale mlamu wanu. Amene wadinda wawerenga.

Chitsulo chili ndi malire ake. Chimagonjetsa moto, madzi ndi chiswe, koma sichibisa kanthu kwa munthu amene wachipeza ndipo akudziwa tanthauzo lake. Chikhozanso kutayika chifukwa cha kusaoneka kwake kofunika: ana akhoza kuchigulitsa kwa ogula zitsulo zakale pamodzi ndi makasu otha. Ena amachikwirira pansi. Sitenilesi ipirira, koma chizindikiro cha malowo sichipirira. Mtengo wa mango umadulidwa, chimbudzi chimasamuka, munda umagawidwa. Ngati mukwirira, kwirirani mkati mwa nyumba kapena pafupi ndi maziko ake, osati kumunda.

Kudula mawu m'zigawo

Maganizo amene amabwera msanga ndi akuti mawu 6 akhale kwa amayi ku Chadiza, ena 6 akhale kunyumba. Zikumveka zanzeru, koma mwawonjezera ngozi: chigawo chimodzi chikatayika, zonse zapita. Ena amakonza pogawa makadi atatu, khadi lililonse likusowa gawo limodzi mwa magawo atatu, kuti makadi awiri aliwonse akwanitse mawu onse. Pa mawu 12 ndiye kuti khadi limodzi lili ndi mawu 8, likusowa 4 okha. Mu 2020 John Cantrell anaonetsa poyera kuti mawu 4 osowa amapezeka: pa mpikisano wina wopereka Bitcoin imodzi, anabwereka makompyuta amphamvu n'kupeza mawu otsalawo m'maola pafupifupi 30. Pa mawu 24 khadi limasowa mawu 8, ndipo amenewo sangapezeke ndi makompyuta a masiku ano. Choncho njira ya makadi atatu ndi ya mawu 24 okha.

Ilipo njira ina yogawira mwa masamu yotchedwa `SLIP39`, imene zipangizo za Trezor zimagwiritsa ntchito. Chigawo chilichonse chimakhala ndi mawu 20 kapena 33, ndipo inu mumasankha kuti mwa zigawo zitatu pafunike ziwiri, kapena mwa zisanu pafunike zitatu. Chigawo chimodzi pachokha sichiulula kanthu. Ndi njira yabwino kwambiri, koma mawaleti ambiri a pafoni saidziwa, ndipo amene adzatsale inu mutapita ayenera kumvetsa zoti asonkhanitse zigawo ndi kupeza chipangizo choyenera.

Mawu owonjezera

`BIP39` imalola kuwonjezera chinsinsi china pamwamba pa mawu 12 kapena 24, chimene pa sikirini chimalembedwa `passphrase`. Mawu omwewo akaphatikizidwa ndi chinsinsichi amatsegula waleti ina yosiyaniratu. Phindu lake n'loonekeratu: wopeza mawashala anu apeza waleti yopanda kanthu, kapena ya tindalama tochepa timene munasiyamo dala.

Msampha wake ndi woti palibe `passphrase` yolakwika. Chilichonse chimene mungalembe chimatsegula waleti inayake. Mukalemba `Kanjala` m'malo mwa `kanjala`, kapena mukasiya mpata kumapeto, simulandira chenjezo, mumangoona ziro. Chinsinsi chachifupi sichithandizanso, poti amene ali ndi mawu 12 akhoza kuyesa mayina ndi zaka mamiliyoni pa kompyuta. Ndiye chiyenera kukhala chachitali, chilembedwe, chisungidwe pa malo osiyana ndi mawuwo, ndipo tsopano muli ndi zinthu ziwiri zosayenera kutayika. Mawaleti ambiri a pafoni alibe ndi pochilembera pomwe. Kwa munthu wa kachipangizo ka Ledger kapena Trezor amene akusunga ndalama zoti zikatayika banja ligwa, n'choyenera. Kwa wina aliyense, ine ndimati ayambe wazolowera zoyambazo.

Pa kachipangizoko ndinenepo chimodzi. Iko sikalowa m'malo mwa kope la mawu. Ntchito yake ndi kusunga makiyi kutali ndi intaneti pamene mukutumiza ndalama, koma ndi kamagetsi, kamafa, ndipo mukalakwitsa pini kangapo kamadzifufuta. Mukagula kachipangizo n'kupeza m'bokosi khadi la mawu olembedwa kale, dziwani kuti wogulitsayo ali ndi kope lake. Mawu enieni amabadwira pa sikirini ya kachipangizoko inu mukuona.

Kuyesa musanakhulupirire

Kope losayesedwa silinakhale kope. Bambo wa ku Katete uja asanaike ndalama zambiri mu waleti yatsopano, achite izi. Alembe pambali zilembo zoyamba ndi zomaliza za adiresi yake yolandirira. Atumizeko ndalama zochepa, zoti zikatayika sadandaula. Kenako afufute waletiyo mu apu, asankhe kubwezeretsa waleti yakale, ndipo alembe mawu akuwerenga pa mawashala, osati pa pepala loyamba lija. Akalemba zilembo zinayi, mawaleti ambiri amamalizitsa okha liwulo. Adiresi ikatuluka yomweyo ndipo tindalama tija tikaoneka, kopelo ndi lamoyo. Pa waleti imene ili kale ndi ndalama zambiri musafufute kanthu. Zipangizo zili ndi njira yoyesera osafufuta: pa Ledger ndi `Recovery Check`, pa Trezor ndi `Check backup`.

Zikakanika, zimakanika m'njira ziwiri, ndipo n'kofunika kuzisiyanitsa. Ngati waleti yakana mawuwo, ndiye kuti liwu lina lalakwika kapena awiri asinthana malo. Yang'anani liwu lililonse pa mndandanda wa 2048 uja, losapezekapo ndilo lolakwa. Liwu limodzi losowa si tsoka, chifukwa zoyesa sizipitirira 2048. Zithekanso kuti mawuwo si a `BIP39`: waleti ya Electrum, mwachitsanzo, imapanga mawu 12 a dongosolo lakelake amene mawaleti ena amawakana. Apa m'pamene washala wa nambala 13 amagwira ntchito.

Ngati waleti yalandira mawuwo koma ikuonetsa ziro, musathamangire kulira. Onani adiresi kaye. Ikakhala yomweyo, mwina netiweki kapena tokeni sinayatsidwe mu apu: USDT ya pa Tron siioneka mukamayang'ana pa Ethereum. Ikakhala yosiyana, mwina mwaphonya `passphrase`, mwina mwagwera m'kulakwitsa kuja kumene kumadutsa kamodzi mwa 16, kapena waleti yatsopanoyo ikutsata njira ina yowerengera makiyi. Pa Bitcoin, maadiresi oyamba ndi `bc1q` amachokera pa njira ya `m/84'/0'/0'`, pamene oyamba ndi `1` amachokera pa `m/44'/0'/0'`. Mawu ndi amodzi, koma muyenera kuuza waleti mbali yoti iyang'ane. Nthawi ngati imeneyi, munthu ali ndi mantha, ndi pamene amagwidwa ndi anthu a pa Telegram ndi Facebook odzitcha othandiza a kampani. Palibe kampani yoona imene imapempha mawu anu, ndipo tsamba lililonse la pa intaneti lokuuzani kuti muwalembe kuti "litsimikizire" waleti ndi la akuba.

Ndiye isankhidwe iti, ndipo ikhale kuti

Kwa ndalama zoyendetsera bizinesi sabata ndi sabata, mapepala awiri m'mabotolo, pa nyumba ziwiri, ndi okwanira. Kwa ndalama zosungira zaka, kope lachitsulo kunyumba ndi kope lina pa malo achiwiri. Makope awiri kapena atatu, osapitirira. Malo achiwiriwo akhale kutali moti moto umodzi kapena kusefukira kumodzi kwa Lunkhwakwa sikungafike konse kuwiri, koma pafupi moti mukhoza kukaona kamodzi pa chaka.

Pobisa, ganizirani amene amalowa m'chipinda chanu, osati wothyola zenera yekha. Wakuba wa usiku amafuna foni, TV ndi ndalama zogwirika. Amene amadziwa kuti muli ndi kiripito, ndipo akudziwa tanthauzo la mawu 12, kawirikawiri ndi mphwanu amene anakuikirani apuyo, ndipo paja khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Pansi pa matiresi, m'Baibulo ndi m'sutikesi ya masatifiketi ndi malo oyamba kufufuzidwa. Kope la kwa achibale likhale mu envulopu yomata, mutasaina modutsa pomatapo ndi kuphimba ndi selotepi, kuti ikatsegulidwa mudziwe. Mukapeza yatsegulidwa, musafunse mafunso kaye, samutsani ndalama tsiku lomwelo. Ndipo amene anakuthandizani kutsegula waleti, ngati anaona mawuwo pa sikirini, waletiyo ndi ya anthu awiri. Tsegulani ina muli nokha.

Nthawi yabwino yoyendera makope ndi Okutobala, mvula isanayambe. Onani ngati botolo lili louma, zilembo zikuwerengeka, envulopu ili yomata.

Chatsala ndi maliro. Lamulo la Zambia la 1989 logawa chuma cha munthu womwalira wopanda wilo limapereka magawo 50 mwa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo ndi 10 kwa ena amene ankadalira malemuyo. Koma khoti silingagawe chimene palibe angachitsegule, ndipo wachibale amene wapeza mawuwo pa tsiku la maliro akhoza kusamutsa zonse anthu ali kumanda, osasiya dzina. Mawuwo asalembedwe mu wilo, chifukwa wilo imadutsa m'manja ambiri ndipo imawerengedwa pagulu. M'malo mwake lembani kalata yosiyana, m'Chichewa chomveka, yopita kwa amene mwamusankha. Kalatayo inene kuti kuli waleti ya mtundu wakutiwakuti, muli ndalama za mtundu wanji ndi pa netiweki iti, makope ali malo ati, ndiponso ngati pali `passphrase` ndi kumene ili. Inenenso kuti mawuwo asajambulidwe, asatumizidwe pa foni, ndipo wothandiza aliyense akhale pambali n'kumalangiza, wolemba mawu akhale mwini kalatayo. Mayi wa kunyumba kapena mwana wamkulu ayeserere kamodzi inu muli moyo, pa waleti yophunzirira ya tindalama tochepa, kuti tsikulo lisadzakhale loyamba kuona sikirini yobwezeretsera.